Risiti yoyera, msika uli mawa

Lachisanu madzulo, ogulitsa kaunjika atayamba kale kukhoma mitengo yokonzekera kabwandire wa Loweruka, mayi wina mwini sitolo pa tauni ina yaing'ono anagulitsa shuga ndi mafuta ophikira nkudina batani la risiti. Printa inalira monga mwa masiku onse, pepala linatuluka, koma lili mbee, lopanda chilembo ngakhale chimodzi. Anayesanso, zinali chimodzimodzi.

Mtima unawawawa, chifukwa pa tsiku la msika amene amagula kwambiri ndi anthu a magolosale a m'midzi. Iwowa amapikula katundu wambiri, ndipo sachoka opanda risiti. Mayiwo anangoti inki yatha, nkutuma mphwawo kuti akayang'ane ina kwa mnyamata wokonza mafoni.

Mnyamatayo anabwera yekha, chimanjamanja. "Mayi, makinawa sadya inki," anatero. Printa zambiri za risiti zimalemba ndi kutentha. Mkati mwake muli kachitsulo kopingasa kokhala ndi timadontho tambirimbiri timene timatentha, ndipo pepala lake ndi lopakidwa mankhwala mbali imodzi yokha, amene amada akamva kutenthako. Mukaika mpukutu mozondoka, kutentha kumagwera mbali yopanda mankhwala, risiti nkutuluka yoyera.

Iye anazimitsa makinawo, nkugwira batani lolembedwa FEED, nkuwayatsanso asanalisiye. Pa printa zambiri, kuchita zimenezi kumatulutsa pepala lodziyesera popanda kudalira kompyuta. Likatuluka lolembedwa bwino, vuto lili pa chingwe kapena pa kompyutapo. Apa linatulukanso loyera, kusonyeza kuti wolakwa ndi pepala kapena kachitsulo kaja.

Kenako anang'amba kapepala nkukakanda mwamphamvu ndi chikhadabo. Pepala loyenera limasiya mzere wakuda mbali yopakidwayo. Ili silinade mbali zonse ziwiri. Mayiwo anali atagula mipukutu yotchipa mlungu womwewo. Kukula kwake kunali koyenera, mamilimita 80, koma linali pepala wamba la makina a riboni. Wogulitsa amene sanawafunse mtundu wa printa yawo anawalakwira ndithu, popeza mipukutu iwiriyi imafanana kwambiri poiona.

M'dilowa munapezeka kampukutu kakale kotsala pang'ono. Atakaika, zilembo zinabwera, koma zotuwa, ndipo mzere woyera unkatsika pakati. Linali fumbi la pepala ndi ufa wa m'sitolo zitamatirira pa kachitsuloko. Mnyamatayo anazimitsa makina, nkudikira kuti azizire, nkupukuta ndi thonje lonyowetsedwa pang'ono ndi sipiriti. Mpeni kapena singano siziyenera kufika pamenepo, chifukwa kadontho kakakandika sikachira, mzerewo umakhala wamuyaya.

Kampukutuko sikakanakwana tsiku lonse. Mayiwo anaimbira dalaivala wa minibasi yoyamba yochokera kuboma kuti awabweretsere mipukutu isanu, atamuuza kuti aliyese kaye ndi chikhadabo asanalipire. Pa kauntala anaikapo buku la malisiti la kaboni loyambira m'mawa.