Ndapuma Ntchito, Ndalama Yanga Ndiiike Kuti?

Bambo wina amene wangopuma kumene ntchito m'boma analembera mlangizi wa zachuma. Anati, “Achimwene, ndalandira giratuwite ya K20 miliyoni. Mnzanga wina akuti ndikampatsa azindibwezera 20 peresenti mwezi uliwonse. Ndimukhulupirire?”

Mlangiziyo anayankha kuti ayi, ndipo ine ndikuvomerezana naye ndi mtima wonse. Phindu lotere kawirikawiri limalipidwa ndi ndalama za olowa kumene, ndipo anthu akasiya kulowa, zonse zimalowa m'madzi.

Anawauza kuti ayambe apatula ndalama yokwanira kudya miyezi isanu ndi umodzi, ikhale ku banki kuti matenda akagwa pakhomo asakatenge katapila. Gawo lalikulu abwereketse boma pogula Treasury bills, zomwe Reserve Bank of Malawi imagulitsa. Ndalamayo imabwerera ndi chiwongoladzanja pakatha masiku 91, 182 kapena 364, ndipo kubanki kwawo angawathandize kugula.

Koma anawachenjezanso kuti, “Bambo, muziyerekeza chiwongoladzanjacho ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Mukapeza 16 peresenti pachaka pomwe ufa ndi feteleza zakwera ndi 25 peresenti, ndalama yanu yachepa mphamvu. N'chifukwa chake musamadye chiwongoladzanja chonse. China muzichibwezera momwemo.”