Thumba la Fizi: Kusunga Mwezi ndi Mwezi Ndalama Yofunika Katatu pa Chaka

Fizi si ngozi. Maliro ndi matenda zimabwera mosayembekezereka, koma tsiku lotsegulira sukulu timalidziwa kudakali miyezi. Chaka cha sukulu m'Malawi muno chimayamba mu Sepitembala, teremu yachiwiri imatsegulidwa mu Januwale, ndipo yachitatu cha mu Epulo. Ngakhale boma linachotsa zolipira zina m'sukulu zake, kholo limene mwana wake ali kusukulu yogonera konko kapena yomwe si yaboma limafunikabe kupeza ndalama zambiri nthawi imodzi, katatu pa chaka.

Ku Chiradzulu vutoli limakula chifukwa cha mmene ndalama zimalowera pakhomo. Minda ndi yaing'ono, ndipo mabanja ambiri a ku Namitambo, Nkalo ndi Mbulumbuzi amadalira nandolo, zamasamba za kudimba ndi mkaka. Nandolo amabweretsa ndalama kuyambira cha mu Ogasiti mpaka Okutobala. Koma fizi ya Januwale imagwa pamene chimanga chatha m'nyumba, feteleza akufunikanso kumunda. Apa ndi pamene mbuzi imagulitsidwa motchipa, ena n'kupita kwa akatapila.

Njira yomwe tikufotokoza pano ndi thumba la fizi. Iyi ndi ndalama yosungidwa payokha, yokhala ndi ntchito imodzi, kuchuluka kodziwika ndi tsiku loigwiritsa ntchito. Imasiyana ndi ndalama yosungira zadzidzidzi, chifukwa thumba la fizi limadzaza kuti lidzathe pa tsiku lomwe tinakonza, kenako n'kuyambanso kudzaza.

Tiyambe ndi kuwerengetsa chaka chonse

Tiyerekeze banja la ku Namitambo lomwe mwana wake ali fomu 2 kusukulu yogonera konko. Manambalawa ndi ongoyerekeza. Inu muikepo a pa kalata ya sukulu ya mwana wanu. Fizi ndi K150,000 pa teremu. Thiransipoti, sopo, makope ndi ndalama yapathumba zimakwana K50,000 pa teremu. Yunifomu ndi nsapato zimagulidwa kamodzi, mu Sepitembala, pa K60,000. Choncho mu Sepitembala pafunika K260,000, mu Januwale K200,000, mu Epulo K200,000. Chaka chonse ndi K660,000, ndipo tikagawa ndi miyezi 12 tipeza K55,000 pa mwezi.

Ambiri timalakwitsa powerengera fizi yokha. Banja ili likanatero, likanaiwala K210,000, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama yonse, ndipo mwana akanalipiridwa fizi koma n'kusowa chokwerera minibasi.

Mwezi woyambira ndi wofunika

Materemu satalikirana mofanana. Kuchokera Epulo kufika Sepitembala pali miyezi isanu, kuchokera Sepitembala kufika Januwale inayi, koma kuchokera Januwale kufika Epulo itatu yokha.

Banja lija likayamba kuponya K55,000 kumapeto kwa Epulo, pofika kumapeto kwa Ogasiti likhala ndi K275,000. Likalipira K260,000 zitsala K15,000. Miyezi inayi yotsatira iwonjezera K220,000, zonse pamodzi K235,000, ndipo likalipira za Januwale zitsala K35,000. Miyezi itatu yomaliza ibweretsa K165,000, zomwe pamodzi ndi zotsala zija zikwana K200,000 ndendende.

Koma likayamba mu Sepitembala, sukulu itatsegulidwa kale, za Januwale zikwana n'kutsala K20,000, ndipo pofika Epulo m'thumba mukhala K185,000 basi. Zipereŵera ndi K15,000, ngakhale banjalo silinadumphe mwezi ndi umodzi womwe. Woyamba mu Sepitembala ayenera kugawa K400,000 ndi miyezi isanu ndi iwiri, n'kumaponya cha m'ma K57,500 mpaka Malichi. Phunziro lake ndi lakuti zotsala pambuyo polipira teremu si phindu. Ndi za teremu ikubwerayo.

Nanga wopanda malipiro apamwezi?

Mlimi sangaponye ndalama yofanana mwezi uliwonse, ndipo sizofunika kutero. Tinene kuti banja lija lili ndi ng'ombe yamkaka ndipo lingakwanitse K30,000 pa mwezi. Pa chaka zikwana K360,000, kutsala K300,000 zoti zichokere ku mbewu.

Kuyambira Epulo mpaka Ogasiti mkaka upereka K150,000, ndiye pafunika K110,000 zochokera ku tomato wa kudimba ndi nandolo woyamba sukulu isanatsegulidwe. K190,000 zotsalazo zichokere ku nandolo wa Sepitembala ndi Okutobala. Pofika Januwale m'thumba mukhala K310,000. Banjalo likalipira K200,000 zitsala K110,000, ndipo mkaka wa miyezi itatu ukawonjezera K90,000, teremu yachitatu yakwanira.

Malo oopsa ndi K110,000 imeneyi. Imakhala ili pomwepo mu Januwale ndi Febuluwale, ufa utachepa. Ngati chimanga chogula m'miyezi ya njala sichinakonzeredwe ndalama yakeyake nthawi yogulitsa nandolo, thumba la fizi ndilo lidzadyedwe. N'chifukwa chake tsiku logulitsa mbewu tiyenera kugawiratu: iyi ya fizi, iyi ya chimanga, iyi ya feteleza.

Tizisunga kuti?

Ndalama yosungidwa m'nyumba sichedwa kubwerekedwa. Ya pa foni, ku Airtel Money kapena Mpamba, njosavuta kuponya ngakhale pang'onopang'ono, koma potapa amadulako, ndipo ikasakanizidwa ndi yogulira ndiwo imatha osadziwa. Wosunga pa foni akhale ndi nambala yapadera ya fizi, ndipo nambala yachinsinsi asauze munthu woimba foni ngakhale adzitchule kuti ndi wa ku kampani.

Banki mkhonde imathandiza chifukwa masheya satapidwa mwachisawawa. Koma magulu ambiri amagawana cha mu Disembala, zomwe zimayenderana ndi teremu ya Januwale yokha. Amene waika ndalama yonse ya fizi kumeneko, mu Sepitembala adzakakamizika kutenga ngongole ya chiwongoladzanja m'gulu momwe muli ndalama yake yomwe. Ndi bwino kuika ku banki mkhonde gawo la Januwale ndi la Epulo, pomwe la Sepitembala lisungidwe kubanki kapena ku SACCO komwe tingatape tsiku lomwe tafuna. Za Epulo zikatuluka mu Disembala zisagone m'nyumba pa Khirisimasi.

Mitengo ikakwera

Ndalama yongokhala imachepa mphamvu. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu inakwera posakhalitsa. Choncho tikawerengetsa, tiwonjezerepo gawo limodzi mwa magawo khumi: K55,000 ikhale K60,500. Yunifomu, nsapato ndi makope tigule ndalama ikangopezeka, osadikira sabata yotsegulira. Ngati sukulu imalola kulipiriratu, kulipira fizi ya Epulo mu Januwale kumachotsa chiyeso cha miyezi ya njala, bola titenge lisiti n'kufunsa ngati padzakhale chowonjezera fizi ikakwera.

Kuti tidziwe ngati thumba likuyenda bwino, tilembe m'kope ndalama yoyenera kukhalamo kumapeto kwa mwezi uliwonse, bambo ndi mayi aziona limodzi. Pa chitsanzo choyamba chija, kumapeto kwa Juni muyenera kukhala K165,000. Mukapezeka K120,000, kupereŵera kwa K45,000 kwadziwika kudakali miyezi iwiri, nthawi yokwanira kuwonjezera K22,500 mu Julayi ndi mu Ogasiti, kapena kukaonana ndi aphunzitsi aakulu sukulu isanatsegulidwe.