Agogo anamwalira chaka cha njala, koma njala yake iti?

Mukamalemba mbiri ya moyo wanu, mufunsa amalume kuti agogo anamwalira liti. Iwo ati chaka cha njala. Azakhali akana kuti ayi, njala inali itatha kale, anthu akukolola. Musathamangire kusankha wolondola.

Yambani mwafunsa kuti njala yake iti. Ku Malawi kunagwa njala yoopsa mu 1949, ina mu 2002, ndipo chilala cha 1992 ena amachitchulanso njala. Akuluakulu sawerenga zaka ndi manambala, amakumbukira ndi zochitika. Choncho afunseni zina: ndalama inali ya mapaundi kapena kwacha, imene inayamba mu 1971? Kamuzu anali atabwera, poti iye anafika mu 1958? Ndani anali wakhanda pamaliropo? Ngati wakhandayo ali ndi khadi la ubatizo, chaka mwachipeza.

Aliyense mukacheze naye payekha. Pagulu wamng'ono amangovomera za wamkulu, ndipo mumabwerako ndi nkhani imodzi yooneka yogwirizana pamene ili ya munthu mmodzi.

Chovuta kwambiri si chaka, koma chifukwa cha imfayo. Amalume akati agogo analodzedwa ndi mnansi, azakhali n'kuti chinali chifuwa chachikulu, palibe khadi lothetsa mkanganowo. Lembani zonse ziwiri, mawu alionse ndi mwini wake, osazisakaniza kukhala nkhani imene palibe anainena. Dzina la woganiziridwayo lisiyeni, pakuti zidzukulu zake zilipo ndipo sangadziyankhire.