Nthunzi Yobisala M'botolo la Haidirojeni

M'labotale ya kusekondale, wophunzira akaponya zinki mu asidi, mpweya wa haidirojeni umayamba kutuluka. Kuti aukole, amaudutsitsa m'kapaipi kolowa m'botolo lodzaza madzi lomwe lazondotsedwa m'beseni. Tithovu timakwera, madzi n'kumatsika. Njirayi ndi yakale: Stephen Hales wa ku Mangalande anaifotokoza mu 1727.

Koma m'botolomo simukhala haidirojeni yekha. Kathovu kalikonse kamatola nthunzi podutsa m'madzi, ngakhale madziwo akhale ozizira, ndipo nthunziyo sioneka ndi maso. Nayonso imakankha makoma a botolo.

John Dalton wa ku Manchester anazindikira mu 1801 kuti mipweya ikasakanikirana, uliwonse umakankha ngati uli wokha, ndipo mphamvu yonse yokankha, yomwe ambiri amangoti pulesha, imapezeka pophatikiza zigawozo. Gawo la nthunzi limadalira kutentha kwa madzi basi: pa madigiri 20 ndi makilopasikali 2.3, pa 25 ndi 3.2, pa 30 ndi 4.2.

Taganizirani wophunzira wa ku Lilongwe amene wakola mamililita 100 a mpweya, madzi ali pa madigiri 25. Asanawerenge chilichonse, amakweza kapena kutsitsa botolo mpaka madzi a mkati alingane ndi a m'beseni. Apo m'pamene pulesha ya mkati imafanana ndi ya kunja. Madzi a mkati akatsala m'mwamba, ndiye kuti mpweyawo ukukankha mochepa kuposa wa kunja, ndipo masamu onse alakwika.

Tinene kuti balomita yasonyeza 89.0. Akachotsapo 3.2 wa nthunzi, haidirojeni amatsala ndi 85.8. Tsopano akagawa 85.8 ndi 89.0 amapeza 0.964, chomwe ndi chigawo cha mamolo a haidirojeni. Nthunzi imatenga 0.036 wotsalayo. Tanthauzo lake n'lakuti pa mamolekyu 1,000 alionse m'botolomo, pafupifupi 36 ndi a madzi. Kugawa kotere kumatheka chifukwa mpweya umakankha molingana ndi kuchuluka kwa mamolekyu ake, osati kulemera kwawo.

Pogwiritsa ntchito PV = nRT, haidirojeniyo amakwana mamolo 0.00346. Woiwala nthunzi amapeza 0.00359, kupitirira pang'ono. Cholakwika chomvetsa chisoni kwambiri n'cha amene amangokopera 101.3 m'buku. Imeneyo ndi pulesha ya m'mphepete mwa nyanja yamchere, pomwe Lilongwe ali mamita oposa 1,000 kumtunda. Wotereyu akaiwalanso nthunzi amapeza 0.00409, kuposa yankho loona ndi 18 pa 100 alionse, kenaka n'kumadzudzula sikelo yomwe anayezera zinki.

Si mpweya uliwonse womwe ungakoledwe chonchi. Amoniya amasungunuka m'madzi asanafike pamwamba, n'chifukwa chake Joseph Priestley ankaukola pa mekyule m'malo mwa madzi.