Shikamoo: moni amene amafunsa kaye kuti wamkulu ndani

Mayi wa ku Karonga amene wawoloka mlatho wa Songwe koyamba kukapikula zitenje ku Kariakoo, msika waukulu wa mumzinda wa Dar es Salaam, amakhala atanyamula mawu awiri atatu a Chiswahili. Tiyerekeze kuti walowa m'sitolo ndipo wapeza gogo wa imvi ali pampando. Pofuna kulemekeza monga amachitira kwawo, mayiyo akuti, "Hamjambo?" Gogo uja akutembenuka kuyang'ana pakhomo, kufuna kuona anthu ena amene abwera nawo kapena amene akupatsidwa moniwo. Palibe aliyense.

Mayiyu sanatukwane, koma waphonya. M'Chichewa ulemu umakhala m'kati mwa mawu: munthu mmodzi wamkulu timamuuza kuti "muli bwanji", mwana n'kumuuza kuti "uli bwanji". Chiswahili cha masiku onse sichichita zimenezo. Mawu akuti wewe, kutanthauza "iwe", amanenedwa kwa mwana, kwa agogo ngakhale kwa mtsogoleri wa dziko, ndipo hamjambo ndi moni wa anthu angapo basi. Ndiye poti mneni sanyamula ulemu, Aswahili anauika pa moni weniweniwo. Mawu amene gogo uja amayembekezera ndi amodzi okha: shikamoo.

Akatswiri a chinenerochi amati shikamoo anachokera ku chiganizo chakuti nashika miguu yako, "ndagwira miyendo yanu". Khutu la Mchewa limamva msanga chinthu chodziwika, chifukwa nafenso timati "ndagwira mwendo wanu". Koma ife timatero tikalakwa kapena tikamachonderera. Mswahili akamanena shikamoo sakupepesa ndipo sakupempha kanthu. Akungovomereza kuti amene ali patsogolo pake ndi wamkulu. Wamkuluyo amayankha kuti marahaba, mawu ochokera ku Chiarabu, ndipo tanthauzo lake pamenepo ndi lakuti ulemuwo waulandira.

Moni ameneyu amayenda njira imodzi. Wamng'ono ndiye amayamba, wamkulu ndiye amayankha, ndipo sizitembenuzika. Kawirikawiri amaphatikiza dzina la ubale kapena la udindo: shikamoo baba, shikamoo mama, shikamoo bibi kwa agogo aakazi, shikamoo babu kwa agogo aamuna. M'sukulu za ku Tanzania ana amaimirira mphunzitsi akalowa n'kunena pamodzi kuti shikamoo mwalimu. Akulu akakhala ambiri, mawuwo amakhala shikamooni. M'mabanja ena, makamaka a m'mbali mwa nyanja ya mchere, kamwana kamatambasula dzanja n'kukhudza mutu wa wamkulu ponena moniwo, ndipo wamkuluyo amawerama kuti kadzanjako kafike. N'chinthu chokoma kuchiona: amene akulemekezedwa ndi amene akuwerama.

Sikuti aliyense amawakonda mawuwa. Pali ena amene amawakana ponena kuti kale akapolo ndiwo ankawanena kwa ambuye awo. Palinso azimayi ndi azibambo a m'tauni amene safuna kupatsidwa shikamoo chifukwa amawakalambitsa, moti m'malo mwa marahaba amangoyankha ndi moni wina. Ku Nairobi samveka kawirikawiri ngati ku Tanzania kapena ku Mombasa. Komabe mlendo amene akukayika ngati munthu wamuposa msinkhu mokwanira amachita bwino kuwanena. Akalakwitsa, amangosekedwa pang'ono. Akawasiya pamene anafunika, amaoneka wopanda mwambo, ndipo pamsika zimenezo zimamveka ngakhale pa mtengo wa katundu.

Tibwerere m'sitolo muja. Mayi uja akanati, "Shikamoo bibi," gogo akanayankha, "Marahaba. Hujambo, mwanangu?" Apa mpamene pamabwera moni amene ambiri amaganiza kuti amamudziwa.

Jambo ndi dzina, ndipo limatanthauza nkhani, chinthu kapena vuto. Hujambo ndi chidule cha huna jambo, ndiko kuti "ulibe vuto?" Yankho lake ndi sijambo, kuchokera ku sina jambo, "ndilibe vuto". Anthu angapo amafunsidwa kuti hamjambo n'kuyankha kuti hatujambo. Wofunsa za munthu amene palibe amati, mwachitsanzo, mama hajambo?, ndipo yankho ndi hajambo. Jambo wopanda kanthu kutsogolo, amene anatchuka ndi nyimbo ya "Jambo Bwana" ya gulu la ku Kenya la Them Mushrooms m'zaka za m'ma 1980, ndi moni wa alendo odzaona nyama. Munthu akakupatsa ameneyo ndiye kuti wakuona ngati wosadziwa chinenerocho, ndipo ukamuyankha kuti sijambo nkhope yake imasintha.

Mawu omwewa amagwiranso ntchito pa matenda. Wodwala akati sijambo kidogo sakunena kuti ali ndi kavuto kakang'ono, koma kuti wayamba kupezako bwino. Chimodzimodzi achibale akanena za wodwala kuti hajambo, akutanthauza kuti kwachako.

Kenako pamabwera habari, mawu enanso ochokera ku Chiarabu, otanthauza nkhani. Amenewa amatambasuka mmene munthu angafunire: habari za asubuhi m'mawa, habari za safari kwa wapaulendo, habari za nyumbani pofunsa za kunyumba, habari za kazi pofunsa za kuntchito. Anthu odziwana amafupikitsa n'kungoti za nyumbani? kapena za siku nyingi? ngati atenga nthawi osaonana. Mayankho ake ndi ochepa: nzuri, njema kapena salama. Ngakhale kunyumba kuli matenda, yankho loyamba limakhala lomwelo, ndipo wina akangoyamba ndi mbaya, "zoipa", amadzidzimutsa anthu.

Sikuti amabisa mavuto. Amangowaika pambuyo, monga Mchewa amanenera kuti "tilipo, koma mwanayu sanagone". Womvetsera bwino amatchera khutu ku timawu totsatira. Nzuri sana ndiye kuti zilidi bwino. Nzuri tu ndi "bwinobwino basi". Koma munthu akati nzuri kidogo kapena salama, lakini..., pali nkhani, ndipo wofunsayo sayenera kuthamangira zimene wabwerera. Amaima, namva, n'kunena kuti pole. Mawu awa sali ngati "pepani" wa munthu wolakwa, amene m'Chiswahili ndi samahani; ali ngati "pepani" amene timauza wofedwa kapena wopunthwa. Amanenedwa ngakhale kwa munthu amene watopa ndi ulendo, pole na safari, kapena amene wapezeka akulima, pole na kazi. Yankho ndi asante, ndipo ena amawonjezera nimeshapoa, kutanthauza kuti "ndapola kale".

Mneni yemweyo, kupoa, amene ndi mbale wake wa "kupola" wathu, ndiye anabala yankho la achinyamata. Mnyamata wonyamula katundu kunja kwa sitolo sanena hujambo. Amati mambo?, kuchulukitsa kwa jambo, kapena vipi?, "bwanji?", ndipo mnzake amayankha poa, kapena safi. Moni ameneyu ndi wa anthu a msinkhu umodzi. Kuuza gogo kuti mambo kuli ngati mwana wa ku Ndirande kuuza agogo ake kuti "boo".

Mayi wa ku Karonga uja akadzaitanidwa kunyumba kwa gogo wa m'sitolo, pakhomo sadzavutika. Adzati hodi, amene ndi "odi" wathu yemwe uja, ndipo m'nyumba mudzamveka karibu. Mwina m'nyumbamo mudzakhala mwa Asilamu, monga zilili nyumba zambiri za ku Dar es Salaam ndi ku Zanzibar, ndipo adzamva assalamu alaykum ndi yankho lake, wa alaykum salaam. Akadzavula nsapato n'kulowa, adzayamba ndi wamkulu wa onse m'chipindamo, ndipo ana a m'nyumbamo adzabwera mmodzimmodzi kudzamupatsa iyeyo shikamoo. Pamenepo ayenera kukumbukira kuti yankho ndi marahaba, osati kubweza shikamoo kwa mwana wa zaka zisanu.