Mapepala a banja pa intaneti: ndani aone chiyani?

M'mabanja ambiri omwe wina wawo ali kunja, chithunzi cha pasipoti chimayenda pa WhatsApp. Wina akachifuna amangoti "tanditumizireninso", ndipo pakatha zaka zingapo chili m'mafoni a anthu oti mwini wake sangawawerenge: cha mlamu, cha amene anagula tikiti ya basi, cha mnyamata wa pa shopu yosindikiza mapepala. Chodabwitsa n'chakuti tsiku lomwe pasipoti yeniyeniyo yatayika, palibe amene amachipeza msanga. Uyu foni inagwera m'madzi, uyo anafufuta kuti apeze malo, ndipo chomwe chapezeka n'chosawoneka bwino chifukwa WhatsApp imafinya zithunzi.

Njira yabwino ndi foda imodzi yosungidwa pa intaneti, yomwe imatsegulidwa ndi foni iliyonse bola munthu ali ndi chilolezo. Pano tikamba za Google Drive, popeza aliyense amene ali ndi adiresi ya Gmail ali nayo kale, ndipo malo a 15 GB amaperekedwa ulere. Mapepala a banja lonse sangadye ngakhale 1 GB. Koma dziwani kuti malowo ndi amodzi ndi a makalata komanso zithunzi za Google Photos, choncho mavidiyo a ukwati akadzaza, pepala latsopano silingalowe.

Tiyerekeze banja ili. Amayi ndi abambo amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo amachita lendi kumeneko. Ana awiri amakhala ndi agogo ku Ntcheu. Tchuthi chikafika, malume awo a ku Lilongwe ndi amene amawaperekeza pa basi, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Mapepala a banjali ndi mapasipoti anayi, ziphaso za unzika za makolo zochokera ku NRB, mapemiti a makolo, zikalata za kubadwa kwa ana, kalata ya makolo yololeza malume kuyenda ndi anawo, chikalata cha ukwati, pangano la lendi, ndi makalata a ku ntchito omwe amasonyeza malipiro.

Munthu wakhama akakhala pansi amaganiza zosanja motere: mapasipoti onse pamodzi, mapemiti pamodzi, za nyumba pamodzi. Zimaoneka zaudongo, koma apa ndi pomwe vuto limayambira. Mu Google Drive chilolezo chimatsika kuchokera pamwamba. Mukamulola munthu kuona foda, mwamulola kuona zonse zili m'katimo, mafoda aang'ono omwe, ngakhalenso zimene mudzaikemo chaka chamawa mutaiwala kale kuti iye alimo. Ndiye malume akafuna mapasipoti a ana, muwatsegulira foda ya mapasipoti, ndipo aonanso anu. Mukawatsegulira foda yaikulu kuti zisavute, awerenga ndi malipiro anu omwe.

Sanjani potengera amene adzaone, osati mtundu wa pepala. Banja lathuli likufunika mafoda atatu oima paokha, popanda ina kukhala m'kati mwa inzake:

```
1 Makolo okha
2 Ana ulendo
3 Pangozi
```

Yoyambayo ndi ya anthu awiri basi: mapemiti, pangano la lendi, makalata a ku ntchito, chikalata cha ukwati, ziphaso za unzika. Yachiwiri ili ndi zokhazo zimene woperekeza ana angafunsidwe panjira: mapasipoti a ana, zikalata za kubadwa, kalata yololeza, ndi tsamba la pasipoti la kholo lomwe lasaina kalatayo. Yachitatu ndi yaing'ono kwambiri, ya m'bale mmodzi wodalirika kumudzi: tsamba la pasipoti la kholo lililonse ndi pepala lolembapo manambala oimbira zinthu zikavuta. Pepala limodzi likafunika m'mafoda awiri, ikani makope awiri. Pali njira yotchedwa Add shortcut yomwe imaoneka ngati yathandiza, koma iyo imangoloza komwe pepala lili, siipereka chilolezo. Malume adzaiona, adzaidina, ndipo idzawakana ali pa mzere pa Beitbridge.

Kujambula mapepalako sikovuta. Pulogalamu ya Drive ya pa foni ili ndi batani la kamera lomwe limajambula pepala n'kulisandutsa PDF. Ikani pasipoti pa tebulo, pafupi ndi zenera masana, osayatsa getsi la foni chifukwa tsamba la chithunzi limanyezimira. Onetsetsani kuti ngodya zonse zinayi zalowa ndipo mizere iwiri ya pansi ija, ya zilembo ndi timivi, ikuwerengeka. Dzina la fayilo linene mwini, mtundu wa pepala, ndi nthawi yomwe litha ntchito:

```
Amayi_pasipoti_itha-2031-08.pdf
Abambo_pemiti_itha-2027-03.pdf
```

Tsikulo pa dzina limagwira ntchito kuposa momwe limaonekera. Mukangotsegula foda mumaona chimene chayandikira kutha musanatsegule pepala lililonse. Ku South Africa zimenezi si zamasewera: malamulo a 2014 amati wopitirira masiku ake osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo wopitirira masiku oposa 30 amaletsedwa zaka 5. Nambala ya pasipoti yokha musaiike pa dzina la fayilo, chifukwa mayina amaonekera pa sikirini ngakhale kwa amene wangosuzumira.

Tsopano ku nkhani yovuta, ya abale. Mukadina Share pa foda, mumalemba adiresi ya Gmail ya munthuyo n'kusankha udindo wake. Viewer amangoona ndi kutsitsa. Editor amatha kuika, kusintha mayina, kusuntha ndi kuchotsa mapepala, ndipo mukapanda kuletsa pa kachizindikiro ka giya, amathanso kulowetsa anthu ena. Pa mafoda atatu aja, Editor akhale mwamuna kapena mkazi wanu yekha. Ena onse ndi Viewer, ngakhale akhale akulu chotani.

Pansi pake pali General access. Pamenepo pakhale Restricted nthawi zonse. Kusankha kwinako, Anyone with the link, kumakopa chifukwa sikufuna kuti m'baleyo akhale ndi Gmail, koma tanthauzo lake n'lakuti aliyense amene linkiyo yamufika atsegula, osafunsidwa dzina. Linki ikagwera m'gulu la banja la WhatsApp, momwe muli anthu makumi angapo ndi manambala ena oti eni ake anasintha kalekale, foda yonse ili pa bwalo. Ngati malume alibe Gmail, kuwatsegulira kumatenga mphindi zochepa, ndipo ngati foni yawo ndi ya Android n'kutheka ali nayo kale osadziwa.

Funso lodzifunsa pa m'bale aliyense si lakuti "kodi ndimamukhulupirira?" Funso limenelo limangobala manyazi, chifukwa palibe amene angayankhe kuti ayi za mlongo wake. Funsani kuti, "ndi ntchito iti imene iye adzagwire ndi pepala ili, ndipo liti?" Malume ali ndi ntchito yodziwika, kuolotsa ana malire atatu, choncho foda yachiwiri ndi yawo. Agogo amalera anawo, ndipo zikalata zenizeni zili m'sutikesi mwawo, koma foni yawo amatsegula ndi adzukulu ndi ana a oyandikana nawo. Kuwapatsa foda n'kupatsa aliyense wogwira foniyo. Azakhali amene amangofuna kudziwa mmene zinthu zikuyendera alibe ntchito ndi pepala lililonse.

Ndikudziwa kuti kwathu kuno malume ndi mwini mbumba, ndipo kuwabisira kanthu kumamveka ngati mwano. Koma kuwauza nkhani pakamwa n'kosiyana ndi kusiya mapepala m'foni mwawo. Foni imabedwa m'minibasi, imapita kwa okonza, imabwerekedwa. Chithunzi choyera cha chiphaso cha unzika ndi pasipoti n'chimene wakuba amafuna kuti adziyese inu. Pemiti nayo imaulula zambiri: komwe mukugwira ntchito ndi tsiku lomwe mudzakhale opanda chilolezo. Pa banja pakabuka mkangano, kaya wa ukwati kaya wa chuma cha masiye, zoterezi zimasanduka chida. Mawu ake n'ngosavuta: "Malume, ndakuikirani mapepala onse a ana pamalo amodzi kuti musavutike kufufuza panjira." N'zoona, ndipo palibe amene wanyozeka.

Ulendo usanayambe, malume atsegule pepala lililonse pa foni yawo n'kusankha Make available offline, chifukwa pakati pa Zobue ndi Beitbridge bandulo ya kwathu singawathandize. Anyamulenso mapepala enieni. Kopi ya pa foni sioolotsa munthu malire, ndipo siilowa m'malo mwa kopi yodindidwa ndi wovomerezeka. Phindu lake limaoneka pasipoti ikatayika: kupolisi, komanso ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku Johannesburg, mumakhala ndi nambala, tsiku lomwe inaperekedwa ndi chithunzi, m'malo mongolota. Kwa amene ali ku Britain zinthu zinasintha: makadi a BRP anatha pa 31 Disembala 2024, chilolezo chili pa intaneti, ndipo bwana kapena mwini nyumba amapatsidwa nambala yapadera yogwira ntchito masiku 90. Chithunzi cha khadi lakale m'foda n'chongosungira mbiri.

Ana akabwerera ku Ntcheu, tsegulaninso Share n'kuchotsa dzina la malume mpaka tchuthi china. Musadzinamize kuti mwabweza zonse: chimene munthu anatsitsa kapena kujambula pa sikirini chatsala kwa iye. N'chifukwa chake kusankha koyamba kuja, kwa zoika m'foda, n'kofunika kuposa kuchotsa dzina pambuyo pake.

Pali msampha wina umene ambiri saudziwa. Pepala limakhala la amene analikweza, osati la mwini foda. Abambo akakweza pemiti yawo m'foda ya amayi kuchokera pa akaunti yawo, fayiloyo ndi yawo, ndipo akaifufuta kapena akaunti yawo ikatsekedwa, imasowa kwa onse. Zofufutidwa zimakhala mu Trash masiku 30 okha. Dinani pa fayilo muone dzina lili pa Owner, ndipo mapepala onse akhale a akaunti imodzi. Akauntiyo isakhale ya ku ntchito kapena ya ku sukulu, chifukwa ntchito ikatha nayonso imatsekedwa.

Akaunti imodziyo ndiye ifunika loko wolimba. Yatsani 2-Step Verification, koma samalani ndi nambala ya foni imene mwalembetsa. Munthu woyendayenda amasintha simu, ndipo ngati uthenga wotsimikizira ukupita ku nambala ya kwathu yomwe inafa muli ku Joni, mwadzitsekera panja. Google imapereka manambala 10 osungira, a Backup codes, iliyonse yogwira ntchito kamodzi. Alembeni pa pepala, musunge kwina osati m'foda momwemo. Kampaniyo inalengezanso kuti akaunti yomwe yakhala zaka 2 osagwiritsidwa ntchito ikhoza kufufutidwa. Mu Inactive Account Manager mungasankhiretu munthu amene adzalandire mafayilo anu akaunti ikakhala chete kwa miyezi yomwe mwaika nokha. M'banja lathu lija, amayi angalembepo abambo, kenako m'bale yemwe ali kale ndi foda yachitatu.