Chifukwa chake mawu amadukaduka mukamaimba foni ya vidiyo

Mwagula bandulo yokwanira, mwayesanso liwiro la intaneti ndipo manambala akuoneka bwino, koma mukaimbira mwana wanu ku Britain kapena kulowa msonkhano wa pa Zoom, nkhope ya mnzanuyo imauma ndipo mawu ake amamveka zidutswazidutswa. Ambiri akaona izi amathamangira kukagula bandulo yokulirapo, ndipo nthawi zambiri ndalamazo zimangopita. Foni ya vidiyo sifuna liwiro lalikulu. Imafuna kuti zimene zatumizidwa zifike zonse, ndiponso zifike pa nthawi yake.

Mawu ndi zithunzi zimayenda pa intaneti m'timapaketi ting'onoting'ono. Mapulogalamu ambiri amadula mawu m'zidutswa za mamilisekondi 20, kutanthauza mapaketi 50 pa sekondi imodzi, kuonjezera apo a zithunzi. Mukamakopera filimu, paketi ikatayika kompyuta imaitanitsanso ndipo inu simudziwa n'komwe. Pocheza pamaso zimenezi sizithandiza kwenikweni, chifukwa mawu amene afika mochedwa ndi theka la sekondi alibenso ntchito, nkhani yapita kale patsogolo. Pulogalamu imayesa kukwirira mpatawo, koma mapaketi akamatayika motsatizana mumamva kudumpha. Akatswiri ambiri a netiweki amafuna kuti otayika asafike paketi imodzi pa 100 alionse.

Vuto lachiwiri ndi jita, kusinthasintha kwa nthawi imene mapaketi akutenga panjira. Zili ngati maminibasi amene anyamuka pa depoti motalikirana mphindi zisanu zisanu, koma pa siteji yanu padutsa theka la ola popanda iliyonse, kenako zisanu ndi imodzi zafika pamodzi. Foni yolandira imasunga mapaketi kwa kanthawi kochepa kuti iwaike mu ndondomeko isanawatulutse ngati mawu. Paketi ikachedwa kupitirira kanthawi kameneko imatayidwa ngakhale yafika. N'chifukwa chake mawu nthawi zina amati zii, kenako n'kubwera mothamanga.

Chida choyezera zonsezi chili kale mu kompyuta yanu. Dzina lake ndi ping, ndipo anachilemba Mike Muuss ku America mu 1983. Chimatumiza kapaketi ku makina ena n'kuwerenga nthawi imene yankho latenga kuti libwerere. Pa Windows, tsegulani Command Prompt, lembani `ipconfig`, ndipo onani nambala imene ili pa Default Gateway. Imeneyo ndi adiresi ya rauta yanu, ndipo kawirikawiri imakhala 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1. Kenako yesani malo awiri, apafupi ndi akutali:

```
ping -n 100 192.168.1.1
ping -n 100 8.8.8.8
```

Pa Mac ndi Linux lembani `-c` m'malo mwa `-n`. Musasiye nambala 100, chifukwa Windows ikasiyidwa yokha imatumiza mapaketi anayi basi, ndipo anayi sangakuuzeni kanthu. Adiresi yachiwiriyo ndi seva ya Google imene imayankha ping. Yesani pa nthawi imene foni ikuvutayo. Kuyeza m'mamawa vuto la madzulo n'kutaya nthawi.

Pamapeto pamatuluka mzere wa `Lost`, wosonyeza mapaketi amene sanabwerere, ndi manambala atatu: `Minimum`, `Maximum` ndi `Average`. Maso a anthu amathamangira pa `Average`, koma nambala imeneyi imabisa zambiri. Tiyerekeze kuti mayankho asanu abwera motere: 42, 44, 41, 160, 43. Avereji yake ndi mamilisekondi 66, yooneka yabwino ndithu. Tsopano onani kusiyana kwa nambala iliyonse ndi yotsatira: 2, 3, 119, 117. Mukaphatikiza n'kugawa ndi 4 mupeza pafupifupi 60, ndipo ameneyo ndiye jita wanu mongoyerekeza, kuwirikiza kawiri malire a 30 amene ambiri amagwiritsa ntchito. Wina amene mayankho ake ndi 190, 192, 189, 191 adzacheza bwino kuposa inu, ngakhale manambala ake ndi aakulu. Kwa ife a ku Malawi mfundo imeneyi ndi yofunika, poti mapaketi opita ku Ulaya amayamba ayenda pamtunda mpaka kugombe la Tanzania kapena Mozambique asanalowe m'zingwe zapansi pa nyanja. Kuwala mu faiba kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi imodzi, choncho kuchedwa kwa mtunda palibe angakuchotse. Chimene tingalimbane nacho ndi kusinthasinthako.

Ping yopita ku rauta ndiyo imagamula mlandu woyamba. M'nyumba momwemo yankho liyenera kubwera m'mamilisekondi ochepa, osapitirira 10, popanda lotayika. Mukaona 3, 2, 4, kenako 250, kenako `Request timed out`, vuto lili pa waifai yanu ndipo kampani ya intaneti ilibe mlandu. Mwina makoma achuluka pakati pa inu ndi rauta, kapena marauta a anansi akulimbirana tchanelo chimodzi ndi yanu. Lumikizani laputopu ndi chingwe, kapena khalani pafupi ndi rauta, muyesenso. Zikakhazikika, mwapeza gwero.

Ngati rauta ikuyankha bwino koma 8.8.8.8 ikudumphadumpha, musanaimbire kampani zimitsani waifai pa mafoni onse a m'nyumba n'kuyesanso. Foni imodzi imene ikutumiza mavidiyo kapena kusunga zithunzi pa intaneti imatha kudzaza njira yotulukira, mapaketi a mawu anu n'kumadikira pamzere mu rauta. Ping imene inali pa 45 imatha kukwera kufika mahandiredi angapo, n'kutsika pomwepo kutumizako kukatha.

Zonsezi zikakanika m'pamene traceroute imagwira ntchito. Chida chimenechi, cha Van Jacobson, chimaonetsa marauta amene paketi ikudutsamo, mzere umodzi pa rauta iliyonse, ndi nthawi zitatu pa mzere uliwonse. Pa Windows dzina lake ndi lalifupi:

```
tracert 8.8.8.8
```

Pano m'pamene anthu ambiri amanamizira makina osalakwa. Mzere wa pakati ukaonetsa nyenyezi, `* * *`, kapena 300 pamene mizere yotsatira yabwerera pa 50, palibe vuto pamenepo. Marauta akuluakulu amaika patsogolo ntchito yopititsa mapaketi a anthu, ndipo mafunso a traceroute amawayankha mochedwa kapena osawayankha n'komwe. Vuto lenileni limayambira pa mzere wina n'kupitirira mizere yonse mpaka kumapeto. Likayambira pa mzere wachiwiri kapena wachitatu, kawirikawiri ndi pakati pa nyumba yanu ndi kampani, monga nsanja ya netiweki imene yadzaza anthu madzulo. Nthawi ikakwera kamodzi ndi 100 kapena kuposa n'kukhazikika pomwepo, umenewo ndi mtunda chabe, paketi yawoloka nyanja. Mayeso atatu pa mzere ndi ochepa poyeza kutayika, choncho `pathping` pa Windows kapena `mtr` pa Linux zimabwereza mayesowo kambirimbiri n'kupereka peresenti ya rauta iliyonse.

Zida zimenezi zili ndi malire ake. Ping imatumiza paketi imodzi pa sekondi pamene mawu amatumiza 50, motero kudukiza kwa kachigawo ka sekondi ikhoza kukuphonya. Njira yopita ku Google si imene foni yanu ya WhatsApp ikudutsa, traceroute sionetsa njira yobwerera, ndipo vuto likhoza kukhala pa waifai ya amene mukucheza nayeyo. Pa Zoom, tsegulani Statistics mu Settings msonkhano uli mkati, muone Jitter ndi Packet Loss za mbali yotumiza ndi yolandira payokhapayokha. Mukamadandaula ku kampani, atumizireni zithunzi za zotsatirazi pamodzi ndi tsiku ndi ola, ndipo muwauze kuti ping ya ku rauta inali bwino pa nthawi yomweyo.